Wojambula ndi Woonetsa

Kusitolo yaikulu kumene ankagwira ntchito palibe amene ankamutchula dzina. Atakhala zaka zisanu ndi chimodzi pa tilu yachinayi, aliyense, kuyambira abwana mpaka alonda a pakhomo, ankangoti Folo. Ngakhale mwamuna wake, pulambala wa manja aakulu ndi mawu ochepa, akafuna kumuseketsa ankati, "Folo, tiyi uja wapsa kapena ndiime pamzere?"

Loweruka lina m'mawa mwamunayo anali chagada pansi pa sinki yakukhitchini, miyendo yokha ikuoneka. Sinkiyo inali itadontha miyezi itatu, ndipo Folo anali atatopa n'kunena kuti nyumba ya pulambala ndi imene imakhala ndi ndowa zambiri.

"Tandionerani pa foniyo ngati eni nyumba ya geti yobiriwira aja atumiza," anatero mwamunayo. "Manjawa ali ndi guluu."

Folo anapukuta manja, n'kutsegula apu ya ndalama. A geti yobiriwira anali asanatumize. Akanati aike foniyo pomwepo, bwenzi tsikulo litangodutsa ngati Loweruka lililonse. Koma diso linatsetsereka pang'ono, n'kugwera pa mzere wa ndalama zimene zinatuluka. Lachinayi, cha m'ma wani koloko masana, sitolo ya nsapato ya mumsewu waukulu.

"Sanatumize," anatero. "Nanga nsapatozi n'zandani?"

Sipanala inasiya kulira kanthawi, kenako inayambiranso.

"Oo, zija. N'za mwana, zakusukulu. Zakale zinachita kuyasama kutsogoloku. Anali m'sitolo ndi mayi ake, ndiye ananditumizira chithunzi cha khodi ya sitoloyo. Ine n'kuitsegula mu apu, kulemba ndalama, basi. Ndinali kutsidya kuja tsiku lonse, mesa ndinabwera ndi matope?"

Anabweradi ndi matope. Folo ndi amene anachapa thalauzalo.

Mwana amene ankanenedwayo anali mtsikana wa zaka khumi ndi zinayi, wa mkazi woyamba. Mkazi woyambayo Folo sankamutchula dzina, ngakhale mumtima. Ankangoti Uja. Banja la Uja ndi pulambala linatha Folo asanabwere, moti panalibe woba za mnzake. Koma Uja anali ndi mwana wa mphuno ya bambo ake, ndi kaimidwe ka bambo ake, pamene Folo, zaka zinayi m'banja, anali ndi makadi a kuchipatala okhaokha m'diloo. Chaka chathachi kusukulu kunali mwambo wopereka mphoto, ndipo wina anajambula atatuwo atakhala benchi imodzi, mwana pakati, onse akuseka. Folo atachiona chithunzicho anatha masiku asanu ndi anayi akuphika, akuchapa, akuyala bedi, koma osatulutsa liwu. Pamapeto pake anagwirizana. Zosowa za mwana azigula ndithu, palibe woletsa. Koma ngati pali kukumana ndi Uja, azinena kaye.

Anayang'ananso pa foni paja. Pansi pa dzina la sitolo panali timawu ting'onoting'ono timene anthu ambiri sawerenga n'komwe. Apuyo inkalemba njira imene munthu walipirira. Mzere wa m'munsi, pamene mwamunayo anagula zomangira mapaipi kwa mkulu wina wa kashopu, unati: *Mwajambula khodi ya wogulitsa.* Koma mzere wa nsapato unati: *Mwaonetsa khodi yanu.*

Munthu wina akanangodutsa. Koma mawu amenewo anali chakudya cha Folo cha tsiku ndi tsiku. Khodi, kabokosi ka timadontho takuda kaja, imayenda njira ziwiri. Pali ya wogulitsa, imene amamata pakhoma kapena pakauntala. Imeneyo sisintha. Wogula amaijambula ndi foni yake, dzina la sitolo limatuluka, amalemba yekha ndalama, n'kuika nambala yachinsinsi. Foni yake iyenera kukhala ndi netiweki, koma mwini wake akhoza kukhala kulikonse, chifukwa chithunzi cha khodiyo chimagwira ntchito ngati khodi yeniyeniyo. Ndiye pali ya wogula. Imeneyo imatuluka pa foni yake, iye n'kuiloza kwa wa pa tilu, wa pa tilu n'kuiwerenga ndi kamakina ka m'manja kamene kusitolo kwawo ankakatcha kamfuti. Ndalama amalemba ndi tilu, osati wogula. Ndipo khodi imeneyo sikhalitsa. Ikatha miniti imafa, kumabadwa ina.

Choncho foni imene Folo anagwira m'manjayo, Lachinayi masana, inali pa kauntala ya sitolo ya nsapato, itayang'ana kamfuti maso ndi maso.

Anaiika pa tebulo pang'onopang'ono ngati dzira.

"Tatsegulani mpopiwo tione," anatero mwamunayo.

Anatsegula. Sinki sinadonthe. Mwamunayo anatuluka akumwetulira, akudikira kuyamikiridwa, koma Folo anali atatembenuka kale, akutsuka kapu imene inali yotsuka kale.

Loweruka ndi Lamlungu sananene kanthu. Ankangomuyang'ana mwamunayo akudya, akumeta, akumvera mpira pa wailesi, n'kumadzifunsa kuti nkhope imeneyi yanena mabodza angati iye akuvomereza kuti zikomo.

Lolemba sitolo inadzaza ngati masiku onse. Foni iliyonse imene inalozedwa kwa iye inkamubaya. Bambo wina wadazi analoza yake, mkazi wake ali pambali akulongedza m'jumbo, ndipo kamfuti katalira kuti tii, Folo anaona mwamuna wake ataima chimodzimodzi, dzanja litatambasuka, wina ali pambali pake.

Pa nthawi yopuma anakhala kuchipinda chakumbuyo ndi Sikisi, mnzake wa pa tilu yachisanu ndi chimodzi, mayi wonenepa, wa phwete, amene anali atakwatiwapo kawiri ndipo ankati kachitatu akufuna wa penshoni.

"Iwe, nkhope imeneyo makasitomala athawa," anatero Sikisi. "Watani?"

Folo anamufotokozera zonse. Sikisi anasiya kutafuna.

"Mwina apu inalakwitsa kulemba."

"Inayamba yalakwitsapo liti? Iwe ndi ine tikakangana ndi kasitomala timayang'ana chiyani?"

"Chabwino. Nanga mwina iyeyo ndi amene anatumiza khodi yake kwa mwanayo, mwana n'kuonetsa pa tilu."

"Tayesa kuisunga ngati chithunzi yakoyo."

Sikisi anatulutsa foni, n'kutsegula khodi yake, n'kudina mabatani awiri a m'mbali. Chithunzi chinatuluka chakuda bii, ndi kauthenga koti apu silola zimenezo.

"Komabe akanatha kubwereka foni ya mnzake kuntchitoko, n'kujambula yakeyo, n'kutumiza msangamsanga miniti isanathe."

"Munthu amene amatenga theka la ola kulemba 'ndachedwa'? Ndipo si zimene ananena. Anati anamutumizira khodi ya sitolo. Anachita kunena kuti analemba yekha ndalama."

Sikisi anapukusa mutu. "Amuna awa. Kunamiza munthu wa pa tilu nkhani ya tilu! Akanakunamiza za mapaipi bwenzi uli phee." Anaseka, koma ataona kuti waseka yekha anamugwira dzanja. "Mzanga, n'kutheka kuti analipo iyeyo ndi mwana basi. Bambo kugulira mwana wake nsapato si mlandu."

"Anati anali ndi mayi ake."

"Ndiye bodza lina ukulikana, lina ukulikhulupirira?"

"Madzi saiwala khwawa," anatero Folo.

"Eee, koma ena amauma. Anga oyamba aja ndikawaona ndimangomva njala."

Lachiwiri Folo anali pa ofu. Anavala diresi yake yabwino, yobiriwira, osadziwa kuti akuvalira ndani, n'kukwera basi yopita kumsewu waukulu. Sitolo ya nsapatoyo inali yaitali, yopapatiza, magalasi aafupi ali m'munsi mwa khoma kuti anthu azionera mapazi. Munkanunkha chikopa chatsopano ndi makatoni. Anayenda mpaka pa kauntala maso ali pakhoma, pagalasi, pambali pa tilu. Panalibe khodi yomata paliponse. Pakona ya kauntala panali kamalo koyererako, kamakona anayi, pamene china chake chinamatulidwa kalekale.

Wa pa tilu anali mayi wamng'ono thupi, wa mandala okhuthala. Folo anatenga polishi wakuda kuti apeze poyambira.

"Ndijambule pati, asisi?"

"Kuno sitijambulitsa, mayi. Onetsani yanu."

"Nanga munthu ali kutali, akufuna kulipirira m'bale wake ali muno?"

"Amutumizire ndalama m'baleyo, iyeyo aonetse yake. Yomata tinachotsa chaka chatha. Wina anabwera n'kumata khodi yake pamwamba pa yathu, anthu tsiku lonse kumalipira kwa iye. Enanso ankangotionetsa chithunzi chakale kuti taonani ndalipira, ife pamzere anthu ali mbwee, osafufuza. Abwana anati basi, aliyense aziwombedwa."

"Inunso mumati kuwomba?" Folo anamwetulira koyamba pa masiku anayi. "Ine ndili pa tilu kusitolo yaikulu ija ya kokwerera basi."

"Aa, ndinu anzathu! Miyendo ikuti bwanji?"

"Inasiya kudandaula, inaona kuti palibe akumva."

Anaseka onse. Munalibe kasitomala wina, ndipo anacheza za abwana, za mipando imene amalonjezedwa chaka chilichonse, za anthu amene amafika pa tilu foni itazima. Kenako Folo, akusewera ndi chitini cha polishi, anafunsa ngati kuti zangomubwerera.

"Achimwene anga anagula muno nsapato za mwana Lachinayi. Mwana akuti zikumuthina. Mumasintha?"

"Ngati sanaziyendere panja, abwere ndi lisiti. Lachinayi... aatali, thalauza la matope? Mwana wamkazi woonda?"

"Omwewo."

"Zingathine bwanji zimene zija? Bambo aja anachita kugwada pansi apa, kumadina chala cha mwana, imirira, yenda, bwerera. Tinatsitsa mabokosi asanu ndi limodzi! Alamu anuwo kumangoseka, akuti, 'Munthu uyu sanasinthe, amayeza phazi ngati paipi.' Banja losangalatsa bwanji. Ndinauza mnzanga kuti amuna otere anatha."

Alamu anu.

"Mayiwo sanagule kanthu?"

"Anatenga zawo, zofiirira za kachidendene, zili apozo. Ndiye pa kauntala pano panali sewero. Za mwana achimwene anuwo anaonetsa foni, ndinawomba. Nditalowetsa za mayi, bambo aja atambasulanso dzanja, foni ili gaa. Mayi aja anaiphimba ndi chikhatho, akuti, 'Ayi, zanga ndimadzigulira.' Bambo akuti, 'N'kamodzi komwe.' Ine kamfuti kali m'mwamba, kusowa kuti ndiwombe iti. Mayi aja anachita kuwakankha ndi chigongono, n'kuika yawo kutsogolo. Ndinawomba ya mayi."

Folo anatsegula khodi yake n'kuiloza. Kamfuti kanalephera kawiri.

"Gwirani bwino, anzathu," anatero wa mandala. "Mesa ntchito yake ndi yomweyi?"

Potuluka anaima pa shelefu paja. Anatenga nsapato imodzi yofiirira, n'kuitembenuza. Inali yofewa, yosadzionetsera, ya munthu wodziwa chimene akufuna. Anafuna kuti ikhale yonyansa, koma sinali. Anayang'ana pagalasi la m'munsi lija n'kuona mapazi ake, otupa ndi zaka zoimirira, ali mu nsapato zakuda zimene anadzigulira yekha, popanda womugwadira.

Mwamunayo anafika dzuwa likadalipo, chikwama cha zitsulo paphewa. Anapeza tebulo lili mbee, pakati pake pali chitini cha polishi ndi lisiti. Anawerenga dzina la sitolo pa lisitipo ataimirira. Kenako anatsitsa chikwama, n'kukhala.

"Munapitako."

"Ndinafuna ndikajambule khodi yawo," anatero Folo. "Ndaifunafuna khoma lonse. Akuti anaichotsa chaka chatha. Ndiye chithunzi chimene anakutumizirani chija mwina n'cha makedzana."

Mwamunayo anapukuta nkhope ndi chikhatho.

"Ndinapita pa nthawi ya nkhomaliro. Mwana anaimba, akuti adadi mubwere, amayi amandigulira zazikulu kuti ndikuliremo, anzanga amandiseka. Ndikanakana?"

"Ndani anati mukane?"

"Ndikanakuuzani bwenzi muli chete mpaka mwezi utatha."

"Ndiye munaona kuti bola ndikhale chitsiru cholankhula."

"Sindinaganize choncho."

"Simunaganize n'komwe. Zaka sikisi ndili pa tilu, inu n'kundiuza kuti munajambula pamene foni yanu ikunena kuti munaonetsa? Mukanandilemekezako pang'ono, n'kupeka bodza la mapaipi."

Mwamunayo anatsala pang'ono kuseka, koma anadziletsa. Anali munthu wodziwa pamene madzi atsekedwa.

"Ndalakwa, akazanga. Panalibe china. Tinagula nsapato, ndinakwera basi, ndinabwerera kumatope anga."

"Nanga zofiirira zija?"

Apa ndiye anadzutsa mutu. "Analipira yekha."

"Ndikudziwa kuti analipira yekha. Ndikufunsa za dzanja lanu. Linkatani m'mwamba?"

"Foni inali kale m'manja. Munthu waima pambali pako, mayi wa mwana wako, ungoibweza m'thumba ngati sukumudziwa? Linangopita lokha."

"Linangopita lokha," anabwereza Folo. Mawu amenewo anamupweteka kuposa bodza lija. Bodza munthu amachita kulikonza. Koma dzanja lopita lokha ndiye kuti njira likuidziwa. "Ndipo akanapanda kuphimba, bwenzi pano akuyenda m'tauni muno ndi nsapato zanu. Ndiye kuti ine ndikathokoze Uja, eti? Kuti zikomo mayi, munandisungira mwamuna ndi chigongono."

"Musatero."

"Ine munayamba mwandigwadirapo m'sitolo?"

"Inu simunandiitanepo. Mumangobwera nazo m'jumbo."

Zinali zoona, ndipo Folo anadana nazo chifukwa zinali zoona. Anadzuka, n'kukatsegula mpopi, n'kuutsekanso. Kunja ana a oyandikana nawo ankamenya mpira pachipupa. Anaganiza zokhala chete masiku ena asanu ndi anayi, koma anaona kuti kukhala chete kuja ndi kumene kunamuphunzitsa munthuyu kuzemba.

"Ulendo wina ndipita nawo," anatero asanatembenuke.

"Kuti?"

"Kulikonse kumene dzanja lanu likupita lokha."

Ulendowo unabwera patatha milungu itatu. Aphunzitsi analemba kalata kuti mtsikanayo sakuona bwino pa bolodi, ndipo akuchipatala anati apeze mandala. Mwamunayo ananena nkhaniyi Lachitatu, akuyang'ana m'mbale, ngati munthu wopempha chilolezo chokwera ndege. Folo anasinthana tsiku ndi Sikisi.

"Ukavale bwino," anatero Sikisi, "koma osati ngati ukupita ku ukwati, angadziwe kuti sunagone."

Malo a mandalawo anali pamwamba pa sitolo ya mabuku, kachipinda kamodzi ka masitepe opapatiza. Uja ndi mwana anali atafika kale. Folo anayamba wayang'ana pansi. Nsapato zofiirira zinalipo, zitakhala bwino paphazi ngati anabadwa nazo. Uja anali wamfupi kuposa mmene ankaonekera pa chithunzi, ndi imvi ziwiri zitatu zimene sanavutike n'kuzibisa. Ankagwira ntchito yosoka makatani, ndipo pa bulauzi pake panali kaulusi koyera kamene Folo anakaona n'kusangalala nako pang'ono.

"Muli bwanji, mayi?" anatero Uja, akupereka dzanja.

"Ndili bwino, kaya inu, mayi?"

"Tili bwino. Iwe, pereka moni kwa amayi ako."

Mtsikanayo anapinda maondo pang'ono. "Muli bwanji, anti?"

Mwamunayo anaima pakati pa chipinda, chipewa m'manja, akuwerenga zilembo za pakhoma zoyezera maso ngati muli nkhani yofunika.

Kusankha kunatenga nthawi. Mtsikanayo ankavala mafelemu, n'kutembenukira kwa mayi ake, kenako kwa bambo ake. Mayi akati awa, bambo ankati akulitsa nkhope. Bambo akati awa, mayi ankati amenewo ndi a ahedi. Ankatsutsana mosavuta, mwachizolowezi, wina asanamalize mnzake wayankha kale, ndipo Folo, atakhala pa mpando wa pakona chikwama pamiyendo, anaona kuti anthu awiriwa ali ndi chinenero chawo chimene iye sadzachiphunzira. Panalibe kugwirana, panalibe kuyang'anana kokayikitsa. Zikanakhalapo bwenzi zili bwino, akanakhala ndi chogwira.

Ndiye anayang'ana pa kauntala. Pambali pa kabuku ka malisiti panali kathabwa koimika, pamenepo atamatapo khodi. Kamfuti panalibe. Mnyamata wa m'sitolomo, wa tayi yopyapyala, anali ndi foni yokha.

Folo anatsegula chikwama mwakachetechete. Anayatsa data. Anatsegula apu, n'kudina pojambulira, n'kuisiya foniyo chafufumimba pa bondo.

Mtsikanayo anakhazikika pa mafelemu abuluu. Wa tayi anawerengera pamodzi ndi magalasi ake, n'kutchula mtengo. Dzanja la mwamunayo linayamba ulendo wopita kuthumba. Uja nayenso anali akutsegula zipi ya kachikwama kake, akuti, "Tigawane pakati, paja tinatero." Koma khodi ya pakhoma sifunsa kuti mwana ndi wa ndani. Folo anali ataimirira kale. Anajambula, dzina la sitolo linatuluka, analemba mtengo wonse ndi zala zozolowera, n'kuika nambala yachinsinsi. Mwamunayo asanapeze n'komwe pamene pali apu, foni ya wa tayi inalira.

"Zalowa," anatero wa tayi.

Onse anatembenuka. Uja anamuyang'ana Folo nthawi yaitali ndithu, zipi ili theka. Sanali wopusa. Anadziwa kuti imeneyi si mphatso wamba, ndipo Folo anadziwa kuti wadziwa. Ndalamazo zinali zimene ankasunga kuti agule makina ochapira, ndipo mumtima mwake munalibe chifundo ngakhale kadontho. Munali kukoma kowawa, ngati kwa munthu wokanda chilonda.

"Mwatithandiza, mayi," anatero Uja pomaliza, n'kutseka zipi. "Iwe, wamva? Thokoza."

"Zikomo kwambiri, anti." Mtsikanayo anazengereza, kenako anavalanso mafelemu aja n'kumuyang'ana Folo. "Koma akundikhaladi? Awiriwa amangokangana."

Kanali koyamba kuti amufunse kanthu. Folo anadzidzimuka. Anamuyang'anitsitsa mwanayo, mphuno ija, chipumi chija.

"Akukhala," anatero. "Koma akutsetsereka pamphuno. Auze awafinye kumbuyo kwa makutuku."

Wa tayi anati mandala akhala atakonzeka Lachisanu, ndipo anayamba kulemba lisiti akukopera pa foni yake. Anafika pa dzina la wolipira, n'kuliwerenga mokweza kuti atsimikize. Linali dzina la bambo wa nyumba, la pulambala, kutsogolo kwake kuli "Mayi."

"Ine," anayankha akazi awiri nthawi imodzi.

Wa tayi anayang'ana uyu, n'kuyang'ana uyo, lisiti ili m'mwamba. Mtsikanayo anagwira pakamwa. Pulambala anabwerera ku zilembo zake za pakhoma, ndipo ulendo uno anayambira mzere wa m'munsi weniweni.

Uja ndi amene anayamba kuseka, kuseka kwa manyazi. "Pepani, mayi. Chizolowezi. Makasitomala anga onse amandidziwa ndi limenelo, ndiye sindinasinthe."

"Palibe kanthu," anatero Folo, n'kutambasula dzanja. Analandira lisitiyo, n'kuipinda kawiri, n'kuiika m'kathumba ka m'kati mwa chikwama.

Potsika masitepe anayenda mmodzimmodzi, mwana patsogolo, kenako Uja, kenako Folo, mwamuna pambuyo. Pansi anatsanzikana mwaulemu. Uja ndi mwana analowera kumanzere, iwo kumanja. Pokwerera basi mwamunayo anakhosomola.

"Ndikubwezerani theka."

"Ndakupemphani?"

"Ayi."

"Dzina lija," anatero Folo, maso ali kumsewu, "mpaka liti?"

"Ndingamulande bwanji? Lili pa chikwangwani cha shopu yake."

"Pali chikwangwani?"

Mwamunayo anazindikira mochedwa kuti waponda pofewa. Basi inafika, anthu anakankhana, ndipo anapeza mpando umodzi wokha. Anamusiyira mkazi wake, iye n'kuima pambali atagwira chitsulo. Folo anakhala, chikwama atachikumbatira pachifuwa. Basi inayenda mpaka pa mlatho.

"Lachisanu ndikatenga ndine mandalawo," anatero Folo. "Mumuuze mwanayo andipeze kuntchito ikamakwana folo koloko. Abwere yekha."